Ndakatulo ya ana, yambani mwaiwombera m'manja

Aphunzitsi ndi makolo amene mumalembera ana ang'onoang'ono tindakatulo, vuto lomwe ndimaliona kawirikawiri ndi loti mumalemba ngati mukuyankhula ndi akuluakulu anzanu. Wina anandionetsa mzere uwu: "Ukhondo ndi wofunika kwambiri pa moyo wathu." Uthenga ndi wabwino ndithu, koma tawerengani maphatikizo ake, alipo 16, mwana wa zaka 4 mpweya umuthera asanafike kumapeto. Komanso ukhondo ndi chani kwa iye? Sangaugwire, sangauloze. Mwana amasunga mawu a chinthu chimene akuchiona kapena kuchichita.

Ndiye tinakhala pansi nkuikonza, inatuluka chonchi:

Samba m'mutu, samba
Samba m'khosi, samba
Samba m'manja, samba
Thupi layera mbee!

Mizere itatu yoyambayo uliwonse uli ndi maphatikizo 7, bola mukumbukire kuti m' uja amawerengedwa payekha, m-mu-tu. Tsopano wombani m'manja mukuinena. Muona kuti manja akugunda katatu pa mzere, pa sa, pa mu, kenako pa sa, chifukwa Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu ndipo kugunda kumagwera pomwepo kokha osakakamiza. Tinayesa kuikapo "Samba kumapazi, samba" koma ana amapunthwa, kumapazi ndi maphatikizo 4 pamalo pa 3, ndiye amathamangitsa lilime kuti akwanitse mpaka ku uja kumumeza. Tinauchotsa.

Pa kubwereza ndi pamene ambiri mumachita manyazi, mumaona ngati ndi ulesi kulemba samba kasanu ndi kamodzi. Ayi, mwana kubwerezako ndi kumene amakondwa nako, akamva mzere woyamba wachiwiri amaudziwa kale, chatsopano chimangokhala liwu limodzi basi. Sinthani liwu limodzi pa mzere, osati awiri. Ndipo mawu osinthawo akhale ndi ndondomeko yake, apa tikutsika ndi thupi kuchokera kumutu, ndiye mwana akaiwala dzanja lake lomwe likugwira khosi limamukumbutsa. Mbee wakumapetoyo musamufupikitse, asiyeni amukoke mmene akufunira, ndi pomwe amadikira kuti akuwe.

Kuti mudziwe ngati yagwira musawafunse kuti mwaimva, onse ayankha eee. Inenereni limodzi katatu lero, mawa muyambe mzere nkusiyira panjira. Akamaliza okha ndiye kuti ili bwino. Akangoti zii pamalo amodzimodzi, kapena onse akumaikapo liwu lina losiyana ndi lanu, cholakwika chili pa mzerewo osati pa anawo, ndipo nthawi zambiri liwu lomwe aikapo okhalo limakhala lopepuka pakamwa kuposa lanu, ine ndimangolitenga nkufufuta langa. Ndime yachiwiri dikirani kaye mpaka yoyambayi azitha kuinena inu mutatseka pakamwa.