Momwe mungalembere uthenga wotsatsa makope sukulu zikamatsegulidwa, makolo osamva ngati mukuwakakamiza

Nthawi yotsegulira sukulu ikayandikira, makamaka ya mu Seputembala pomwe ana amalowa kalasi yatsopano, masitetasi a pa WhatsApp amadzadza ndi mauthenga a mashopu a zolembera. Ambiri amangofanana: zilembo zikuluzikulu, FULUMIRANI FULUMIRANI, KATUNDU AKUTHA, MUSADZANONG'ONEZE BONDO. Inenso ndinkalemba choncho pashopu pathu, mpaka mayi wina yemwe amatigula chaka ndi chaka anandiuza pamaso kuti "achimwene, ine mutu wandikulira kale ndi fizi ndi yunifomu, ndiye inu mukundikuwiranso pafoni". Anandifika pamtima mawu amenewo, chifukwa amanena zoona. Kholo likudziwa kale kuti sukulu ikutsegulidwa Lolemba, changu chili nacho kale mumtima. Ntchito yanu ndi kungomuuza tsiku lenileni, nambala yeniyeni ndi chifukwa chenicheni, basi iye aziwerengera yekha.

Yambani ndi pepala ndi bolopeni, foni ibwere pambuyo. Werengani katundu amene muli naye ndipo mumange phukusi limodzi lomwe kholo lingamvetse kamodzi n'kamodzi. Tiyerekeze ndi mwana wa Sitandade 6, mitengoyi ndi yongopereka chitsanzo poti masiku ano zinthu zikusintha sabata ndi sabata, inu muikepo yanu. Makope 10 pa K800 limodzi ndi K8,000, mabolopeni awiri pa K400 ndi K800, pensulo K300, rula K500, raba K300. Zonse pamodzi ndi K9,900. Phukusi mukaligulitsa K9,000 ndiye kuti kholo lapulumutsa K900. Koma musanalengeze onani kaye mtengo wooda, ngati phukusilo linakulowani K7,600 kuphatikiza thiransipoti yochokera ku holoselo, mukutsala ndi K1,400 pa phukusi, zili bwino. Ngati linakulowani K8,800 ndiye musatsitse choncho ayi, chotsani K400 yokha kapena ingowonjezerani pensulo yaulere. Kenako onani kuti makope amene muli nawo akukwana maphukusi angati. Makope 600 ndi maphukusi 60, ndipo 60 imeneyo ndiye nambala yomwe mulembe, osati "ochepa kwambiri".

Tsopano tsiku lothera. Sankhani limodzi, lembani dzina la tsikulo, deti ndi ola lomwe, mwachitsanzo Loweruka lomaliza sukulu zisanatsegulidwe, 5 koloko madzulo. Mawu oti "kwa kanthawi kochepa" sauza munthu kanthu, sangakonzere ndalama pa mawu amenewo. Ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya: nenani chifukwa chomwe mtengowo uthere tsiku limenelo. Mwina makopewo munaoda pa mtengo wakale ndipo katoni yotsatira ibwera itakwera. Mwina Lamlungu simutsegula. Munthu akamva chifukwa amakhulupirira, akapanda kumva amangoti ndi machenjera a ogulitsa. Chifukwacho chikhale choona, chonde.

Uthenga woyamba ungakhale chonchi:

"Makolo athu, mwaswera bwanji? Takonza phukusi la mwana wa pulayimale: makope 10, mabolopeni awiri, pensulo, rula ndi raba, zonse K9,000 (mukagula chimodzichimodzi ndi K9,900). Tili ndi maphukusi 60 okha chifukwa makopewa tinaoda pa mtengo wakale. Mtengowu ufika Loweruka lomaliza sukulu zisanatsegulidwe, 5 koloko madzulo, kapena akatha lisanafike tsikulo. Ngati malipiro sanafike, tiuzeni tikusungireni phukusi lanu mpaka Lachisanu."

Taonani kuti mulibe liwu loti fulumirani, koma aliyense wowerenga akudziwa kuti asachedwe. Mzere womalizawo, wosungira, ndi umene ndimaukonda kwambiri. Umamuuza munthu kuti mukudziwa zoti ndalama sizibwera nthawi imodzi, ena amadikira kutha kwa mwezi, ena amadikira kuti agulitse kaye nandolo kapena mtedza. Kungoti kusungirako kukhale ndi malire, apo ayi mudzapezeka Loweruka muli ndi maphukusi 20 olembedwa mayina eni ake osabwera, anthu a ndalama m'manja mutawabweza. Ife timapempha kachikole ka K2,000 pa Airtel Money kapena Mpamba, timalemba dzina m'kope, ndipo timanena poyera kuti Lachisanu likadutsa phukusi libwerera pa shelefu ndalama yanu tikubwezerani yonse. Kudya chikole cha kholo lomwe zangolivuta ndi kutaya kasitomala wa zaka zambiri chifukwa cha K2,000.

Mawu ena ingowasiyani. Zoti "kholo lokonda mwana wake silingaphonye" kapena "musachititse mwana wanu manyazi m'kalasi" zimabaya pomwe pali bala kale, munthu amene alibe ndalama lero amangomva kuwawa ndipo mawa akaipeza amakagula kwina. Zilembo zikuluzikulu uthenga wonse ndi kukuwa, zisiyeni pa mtengo pokha ngati mukufuna. Ndipo musakweze "mtengo wakale" kuti kutsitsako kuoneke kwakukulu, makolo amadziwa mtengo wa kope kuposa inu chifukwa amafunsa mashopu atatu asanagule, komanso kutsatsa malonda monama ndi nkhani yomwe bungwe la boma loteteza ogula la CFTC limalandira madandaulo ake.

Mutumize uthenga kangati? Katatu kakwana. Woyamba pakatsala masabata awiri, wachiwiri anthu akangolandira malipiro, wachitatu m'mawa wa tsiku lomaliza. Wachiwiriwo musangobwereza woyamba, ubwere ndi nkhani yatsopano yomwe ndi nambala yotsala:

"Zikomo makolo amene mwabwera kale. Pa maphukusi 60 aja atsala 23. Mtengo udakali K9,000 mpaka Loweruka 5 koloko. M'mawa isanakwane 10 koloko pamakhala popanda mzere."

Jambulani chithunzi cha mulu womwe watsaladi, osati chotola pa intaneti. Wachitatu ukhale waufupi zedi, lero ndi lomaliza, atsala mwakuti, titseka 5 koloko. Ngati atha Lachinayi nenaninso kuti atha, muthokoze, mutchule mtengo watsopano. Anthu akaona kuti zimathadi, teremu yotsatira amabwera msanga okha osawaitana kawiri.

A Fomu 1 alembereni uthenga wawo padera, makamaka opita kogonera. Kholo la mwana yemwe wangosankhidwa kumene limakhala ndi kalata ya zofunika kusukulu, mahadikava, seti ya masamu, nthawi zina ndi limu ya mapepala, ndiye ingolembani kuti tumizani chithunzi cha kalatayo tikuwerengereni mtengo wonse lero lomwe, mudzangobwera kudzatenga zomangamanga. Changu chake apa ndi tsiku lonyamuka mwana, inu simufunika kuwonjezerapo kanthu.

Mudziwa bwanji kuti uthenga walakwika? Mvetserani mayankho. Anthu akamafunsa "zingati?" ndiye kuti mtengo munaubisa pansi kapena pachithunzi chosawerengeka, ukwezeni ukhale m'mizere iwiri yoyamba. Akamafunsa kuti makopewo ndi a masamba angati, onjezerani zimenezo mu uthengawo, chifukwa kope lopyapyala ndi lochindikala si mtengo umodzi ndipo munthu akafika n'kupeza lopyapyala amaona ngati mwamupusitsa. Akayamba kutuluka mugulupu lanu la WhatsApp ndiye kuti mwatumiza kambiri. Ndipo Lolemba akabwera n'kumati "aaa inu mumawonjezera masiku nthawi zonse, tipatseni pa mtengo womwe uja", ndiye kuti teremu yatha munaphwanya tsiku lanu lomwe. Pamenepo muyankheni mwaulemu kuti phukusi linatha Loweruka, mumuwerengere pa mtengo wa lero, ndipo mulembe nambala yake kuti mu Januwale adzakhale woyamba kulandira uthenga.