Momwe mungalembere kalata yoperekera apu kwa kasitomala

Mukamaliza kupangira munthu apu, musangomuponyera mafayilo pa WhatsApp n'kumati zatha. Lembani kalata ya tsamba limodzi yotchula chilichonse chomwe mwapereka, nonse musaine. Nditengera chitsanzo pa apu ya Android yomwe ndinapangira gulu lina la alimi a thonje ku Ngabu.

Choyamba, khodi. Samutsirani khodi yonse ku akaunti ya GitHub ya kasitomala, ndipo m'kalatamo lembani nambala yomwe `git rev-parse HEAD` ikuonetsa. Mawa wina akasintha zinthu apu n'kuonongeka, nambalayi ndiyo mboni ya pomwe inu munasiyira.

Chachiwiri, kiyi yosainira apu, fayilo ija yothera ndi `.jks`. Apa ndipomwe zinatipweteka. Kiyi inapita kwa a tcheyamani pa fulashi yotchipa yogula pamsika, m'kalata n'kungolembamo kuti "kiyi yaperekedwa". Itafika nthawi yotulutsa apu yokonzedwanso, fayilo inakana kutseguka, laputopu yanga nayo inali itafufutidwa kale. Apu ija alimi ankangopatsirana pafoni, sinali pa Play Store. Android siilola apu yosainidwa ndi kiyi ina kulowa pamwamba pa yakale, choncho aliyense anachotsa yakale, ndipo zolemba zomwe zinali m'foni mokha zinapita nayo. Mukakhala pa Play App Signing muli ndi pothawira, mutha kupempha Google kuti ilandire kiyi yatsopano yokwezera apu. Kupanda apo, kiyi ikatayika yatayika.

Ndiye kiyi muziiyesa pamaso pa kasitomala, kuchokera pa fulashi yakeyo, osati pa makina anu:

```
keytool -list -v -keystore thonje.jks
```

Ikatseguka, koperani `Alias name` ndi mzere wa `SHA256` m'kalata. Kumbukirani kuti mapasiwedi akhoza kukhala awiri, ya fayilo ndi ya kiyi yeniyeniyo, ndipo lamuloli limayesa yoyamba yokha. Yachiwiriyo iyeseni posaina apu kamodzi. Mafulashi akhale awiri, osungidwa m'nyumba zosiyana. Ife a kuchigwa kuno tikudziwa zomwe madzi a Freddy anachita ndi maofesi mu 2023. Za fulashi yolembedwa 64GB koma mtengo wake ngati wa mbale ya nsima, isiyeni pomwepo.

Chachitatu, maakaunti. Tchulani iliyonse, imelo yolowera, ndi tsiku lomwe ndalama ya seva kapena dzina la webusayiti idzathe. Play Console imalipiritsa $25 kamodzi kokha, ndiye kasitomala atsegule yakeyake, asakhalire kudalira yanu. Nambala ya foni yolandirira manambala otsimikizira isinthidwe ikhale yake, kaya ndi ya TNM kaya ya Airtel.

Mapasiwedi musawalembe m'kalata, chifukwa kalata imadutsa m'manja mwa komiti yonse. Lembani kuti aperekedwa mu envulopu yomata, awasinthe tsiku lomwelo.

Kumapeto ikani tsiku lomwe thandizo laulere lithere ndi ndalama yotsala ngati ilipo. Makope awiri, wina wanu.