Momwe mungasankhire nyama ya nkhumba ndi nkhuku ngati kolesterolo wanu wakwera

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti kolesterolo wakwera, nthawi zambiri amangoganiza kuti nkhumba ndi yoletsedwa, nkhuku ndiye yabwino. Zimandidandaulitsa kuona wina atasiya mnofu wabwino wa nkhumba n'kumadya mapiko a nkhuku okazinga tsiku ndi tsiku, mtima uli m'malo kuti akudzisamalira. Chiwalo chimene mwasankha ndi kumene mafuta ake apita pophika ndi zomwe zimasiyanitsa mbale, kuposa dzina la nyamayo.

Dziwani kaye chimene mukuwerenga

Kolesterolo wambiri wa m'magazi amapangidwa ndi thupi lenilenilo, makamaka chiwindi. Chiwindi chomwecho ndi chimene chimachotsanso m'magazi kolesterolo woipa uja, amene pa pepala la zotsatira amalembedwa kuti LDL. Chimene chimafooketsa ntchito yochotsayi ndi mafuta oundana, mtundu wa mafuta umene umachititsa kuti zonona za nyama zilimbe n'kuyera zikazizira. Mukadya ambiri, LDL amatsalira m'magazi n'kumamatirira m'mitsempha.

Kolesterolo wa m'nyama momwemo sasiyana kwenikweni. Magalamu 100 a mnofu wa nkhumba, a nyama yonona ya pamimba, kapena a nyama ya pachifuwa cha nkhuku, onsewa ali ndi kolesterolo wa pakati pa mamiligalamu 70 ndi 90. Koma mafuta oundana amasiyana kutalitali, kuyambira galamu imodzi mpaka pafupifupi 20. Ndiye maso anu akhale pamenepo.

Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limalangiza kuti mafuta oundana asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zochokera m'chakudya. Kwa munthu wodya makalori 2,000 pa tsiku, amenewo ndi magalamu pafupifupi 22. Bungwe loona za matenda a mtima la ku America limatsitsa mlingowu kufika pa magalamu pafupifupi 13 kwa amene akufuna kutsitsa LDL. Tigwiritsa ntchito 13, ndipo kumbukirani kuti ndi wa tsiku lonse, kuphatikizapo mkaka, batala ndi mafuta ophikira.

Pogula nkhumba, funsani chiwalo chimene nyamayo yachokera

Nkhumba imasunga mafuta ambiri pamimba, m'nthiti, pakhosi ndi pansi pa chikopa. Kumsana ndi ku mwendo wakumbuyo ndiko kuli mnofu.

Chiwalo chopanda mafuta kuposa zonse ndi fileti, kamnofu katali kofewa kamene kamagona m'kati, motsatira fupa la msana. Magalamu 100 a fileti yowotcha ali ndi mafuta osafika magalamu 4, ndipo oundana ndi galamu imodzi ndi pang'ono. Izi zikungofanana ndi nyama ya pachifuwa cha nkhuku yochotsa chikopa. Wotsatira ndi mnofu waukulu wa kumsana ndi wa mwendo wakumbuyo. Ubwino wa ziwalozi ndi woti mafuta ake amakhala m'mphepete, ngati lamba woyera, moti mpeni umawachotsa mosavuta.

Phewa ndi khosi n'zovutirapo. Mafuta ake analowerera pakati pa minofu, ndipo ngakhale musenge bwanji kunja, ena amatsalira m'kati. Nthiti zophika zili ndi mafuta okwana magalamu 30 pa magalamu 100 a nyama, oundana pafupifupi 11. Nyama ya pamimba, ya mizeremizere yoyera ndi yofiira ija, ndiyo yonona kwambiri: ikadali yaiwisi, theka lake ndi mafuta okhaokha, oundana pafupifupi magalamu 19 pa 100. Imeneyi siisengeka, chifukwa mukachotsa mafuta mutsala ndi tinyenyeswa. Bekoni wambiri amachokera pomwepo.

Nyama yogaya ndi masoseji zimabisa mafuta. Diso silingathe kuona kuti munalowa zotani. Ngati mukufuna yogaya, sankhani nokha mnofu wa mwendo n'kupempha wogulitsa kuti akugayireni womwewo. Ikakhala yogaya kale, yotuwa kwambiri ndi ya madontho oyera ambiri ndiye yonona.

Sengani isanapse

Mafuta a nkhumba amasengeka bwino nyama ikadali yozizira, chifukwa amakhala olimba. Ikani nyamayo pathabwa, lowetsani mpeni wakuthwa pamalire a choyera ndi chofiira, n'kumakoka lamba wa mafutawo ndi dzanja linalo. Chikopa chichoke limodzi ndi mafuta a pansi pake. Chikopa chenichenicho si vuto kwenikweni, koma sichichoka chokha, chimabwera ndi mafuta ochindikala omwe anamatirira kwa icho.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Amasenga bwinobwino, kenako n'kusungunula mafuta omwe asengawo kuti akazingire nyama yomweyo. Ntchito yonse ija yapita pachabe, pakuti magawo pafupifupi anayi mwa khumi a mafuta a nkhumba ndi oundana. Ngati pakufunika mafuta, thirani supuni yaing'ono ya mafuta amadzimadzi a mbewu, monga a mpendadzuwa, a soya kapena a maolivi. Mafuta a kokonati, a kanjedza ndi batala sangakuthandizeni, chifukwa ali ndi mafuta oundana ochuluka kuposa a nkhumba omwewo.

Nkhani ya chikopa cha nkhuku

Chikopa cha nkhuku anthu amachiopa mopitirira kapena kuchinyozera mopitirira. Mafuta a nkhuku ndi ofewerapo kusiyana ndi a nkhumba: oundana ndi magawo atatu okha mwa khumi. Koma chikopa chowotcha, pachokha, chili ndi mafuta pafupifupi magalamu 40 pa 100. Funso ndi lakuti pa chiwalo chimene mukudya, chikopa chachuluka bwanji poyerekeza ndi mnofu.

Pachifuwa mnofu ndi wochindikala, chikopa n'chochepa. Magalamu 100 owotcha opanda chikopa ali ndi galamu imodzi ya mafuta oundana, okhala ndi chikopa ali ndi awiri ndi pang'ono. Kusiyanako kulipo koma si koopsa. Ntchafu ili ndi mafuta ake m'kati mwa mnofu, moti yopanda chikopa ili ndi pakati pa magalamu awiri ndi atatu, ya chikopa yoposa anayi. Mapiko ndiwo oyenera kuchenjera nawo. Ndi chikopa chokuta tifupa, mnofu wake n'ngochepa, ndipo magalamu 100 owotcha amafika magalamu asanu a mafuta oundana asanakazingidwe n'komwe. Palibenso amene amasenda mapiko.

Onani tsopano: ntchafu ya nkhuku ya chikopa ili ndi mafuta oundana ochuluka katatu kapena kanayi kuposa fileti ya nkhumba.

Nthawi yochotsera chikopa imadalira kaphikidwe. Ngati mukuwotcha pa waya, m'uvuni kapena pamoto, pamene mafuta akudontha pansi, chisiyeni. Chimateteza mnofu kuti usaume, ndipo mafuta ake salowerera kwenikweni m'nyama. Mudzachisende pa mbale. Zokometsera monga adyo, mandimu ndi tsabola muzilowetse pansi pa chikopacho, apo ayi kukoma konse kudzapita nacho limodzi. Koma ngati mukuphika mumphika ndi msuzi, sendani musanaphike. Mumphika mafuta alibe kothawira: amasungunuka n'kulowa mumsuzi, ndipo mudzawamwa ngakhale chikopa mutachisiya pambali. Chotsaninso timibulu ta mafuta achikasu tomwe timakhala kumchira, pakhosi ndi m'mphepete mwa ntchafu. Chikopa chimaterera, choncho chigwireni ndi kansalu kouma kapena pepala n'kukoka.

Msuzi ukhoza kupulumutsidwa. Uikeni m'firiji usiku wonse, m'mawa mudzapeza mafuta ataundana pamwamba ngati chivindikiro, n'kuwachotsa ndi supuni. Ngati palibe nthawi, phulani mphika, dikirani mphindi zingapo kuti mafuta ayandame, n'kuwawaula. Njira imeneyi imathandizanso mukaphika phewa la nkhumba.

Tiyese pa mbale imodzi

Tinene kuti pachakudya chamadzulo mukudya nyama yakupsa yolemera magalamu 150, osawerengera mafupa. Nyama imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi ikapsa, ndiye yaiwisi inali pafupifupi magalamu 200.

Ikakhala nthiti za nkhumba, mwadya mafuta oundana magalamu 16 kapena 17. Mlingo wa 13 uja mwaudumpha ndi mbale imodzi, musanawerengere tiyi wa mkaka wa m'mawa. Ikakhala mapiko a nkhuku, mwadya pafupifupi 8, kuposa theka la tsiku. Ntchafu za chikopa ndi 6 ndi pang'ono, zosenda ndi pafupifupi 4. Fileti ya nkhumba kapena nyama ya pachifuwa cha nkhuku yosenda ndi magalamu awiri kapena kucheperapo. Nambalazi zimasinthako malinga ndi mtundu wa chiweto ndi kadyetsedwe kake, koma mndandanda wake susintha.

Ineyo ndikuona kuti kusiya nthiti, nyama ya pamimba ndi masoseji kumapindulitsa kwambiri kuposa kulimbana ndi kachikopa ka pachifuwa cha nkhuku. Ngati mumakonda nthiti, idyani mwa apo ndi apo, ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo tsiku limenelo musaonjezenso batala kapena tchizi. Mlingo wabwino wa nyama pa chakudya chimodzi ndi wofanana ndi chikhatho chanu, osawerengera zala, womwe ndi pafupifupi magalamu 90 mpaka 100. Yezani pa sikelo kawiri katatu, kenako diso lidzazolowera.

Mnofu usaume

Chimene chimabweza anthu ku nyama yonona ndi mnofu wouma ngati chikuni. Mnofu wopanda mafuta supirira moto wautali. Nkhumba ya chigawo chathunthu yapsa pakati pake pakafika 63°C, n'kuisiya ipume mphindi zitatu musanaidule. Yogaya imafuna 71°C, nkhuku 74°C. Kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama ndiko kodalirika. Ngati mulibe, dulani pochindikala, ndipo nkhuku kapena nyama yogaya isakhale yofiirira m'kati. Musachepetse kupsa pofuna kufewa, chifukwa nkhumba yosapsa ikhoza kukhala ndi njoka za m'mimba ndipo nkhuku yosapsa imatsegula m'mimba. Kuti ifewe, dulani fileti m'timagawo tochindikala ngati chala chachikulu, muviike ola limodzi m'madzi a mandimu ndi adyo, n'kukazinga mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse.

Chiwindi ndi ubongo n'zosiyana ndi zonse tanenazi. Mafuta oundana si ambiri, koma kolesterolo ndi wochuluka zedi: chiwindi cha nkhuku chophika chimapitirira mamiligalamu 500 pa magalamu 100, ndipo ubongo wa nkhumba umapitirira 2,000. Zimenezi zikhale za kamodzikamodzi.

Kolesterolo sapweteka, choncho simungadziwe ndi kamvedwe ka m'thupi ngati kusinthaku kwathandiza. Kayezetseninso magazi pakatha miyezi iwiri kapena itatu, n'kuyerekeza LDL watsopano ndi wakale. Akakhala kuti sanatsike ngakhale mwasamala, chikhoza kukhala cha kumtundu: munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 250 amabadwa ndi chiwindi chosachotsa bwino LDL, ndipo chakudya chokha sichingamukwanire. Ngati adokotala anakupatsani mankhwala, pitirizani kumwa pamene mukusintha kadyedwe, ndipo potenga zotsatira zatsopano muwauze zimene mwasintha pa mbale yanu.