Momwe mungakonzere magawo a bosi ndi machenjezo ake kuti wosewera asamve kuti waberedwa

Wosewera akaphedwa ndi bosi, mdani wamkulu wa mu gemu, amanena chimodzi mwa zinthu ziwiri: "ndachedwa kuzinda" kapena "zimenezi ndi zachinyengo". Nthawi zambiri chimene chimasiyanitsa mawu awiriwa ndi kuchuluka kwa mafulemu pakati pa chenjezo ndi kumenya kwenikweniko. Pano titenga bosi mmodzi wonyamula nyundo yaikulu, wa moyo 1,200, mu gemu yoyenda pa mafulemu 60 pa sekondi. Za kumujambula ndi kumuika m'bwalo tingoti mwathana nazo kale.

Choyamba, yezani wosewera musanakhudze bosiyo. Munthu akaona chinthu pa sikirini pamatenga pafupifupi kota ya sekondi kuti chala chifike pa batani, ndipo amenewo ndi mafulemu 15. Onjezani ena 5 a kuchedwa kwa sikirini ndi kontirola, chifukwa si onse amene amasewera pa chipangizo chabwino ngati chanu. Kenako onani kuti kuzinda kwa wosewera wanu kumayamba kumuteteza patapita mafulemu angati. Tinene kuti atatu. Zonse pamodzi ndi 23. Kumenya kulikonse kwa chenjezo lofupikirapo kuposa pamenepa sikuzindika poona, kumazindika pongoloweza kapena mwamwayi.

Chachiwiri, dulani kumenya kulikonse patatu: kukonzekera, kuvulaza ndi kupuma. Kukonzekera ndilo chenjezolo, pamene bosi akukweza nyundo. Pa kumenya kwachangu kwa m'mbali mpatseni mafulemu 30 okonzekera, 6 ovulaza ndi 25 opuma. Kumenya pansi kogwedeza bwalo kumafuna masamu ena, poti apo wosewera ayenera kuthawa ndi miyendo. Ngati kugwedezako kumafika mamita atatu ndipo iye amathamanga mamita 6 pa sekondi, akufunika theka la sekondi, mafulemu 30, kuwonjezera pa 20 a kuona ndi kuchedwa aja. Ndiye ikani 60 kuti patsale kampata. Kupuma nakonso kuyezeni ndi chida cha wosewera: ngati lupanga lake limatenga mafulemu 20 kuti limenye n'kubwerera, kupuma kwa 25 kukumulola kubwezera kamodzi, kwa 70 kwa nyundo ya pansi katatu. Nyundo yolemera ibweretse kupuma kotalika, apo ayi wosewera azingothawa osadziwa nthawi yake yomenya.

Chachitatu, chenjezo lililonse likhale ndi maonekedwe akeake. Sandutsani bosi yense kukhala chithunzithunzi chakuda, muimitse pa fulemu ya 10 ya kukonzekera. Ngati simungathe kusiyanitsa nyundo yopita m'mbali ndi yopita pansi, wosewera sadzathanso. Onjezani phokoso losiyana pa kumenya kulikonse, chifukwa kamera imatha kutsekeka ndi chipilala kapena thupi la bosi yemweyo. Mtundu umathandiza ukamatanthauza chinthu chimodzi nthawi zonse. Mu Sekiro ya 2019, chilembo chofiira chimaonekera pamene kukubwera kumenya kosatchingika mwa nthawi zonse, ndipo mu God of War ya 2018 mkombero wofiira umatanthauza kuti chishango sichikuthandizani, zindani. Koma musadalire mtundu wokha, alipo anthu amene sasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira.

Apa pali chenjezo la ogula maanimeshoni opangidwa kale. Godot, pulogalamu yopangira magemu imene tikugwiritsa ntchito pano, ndi yaulere, choncho ena ndalama zawo zimathera pa maanimeshoni. Ambiri otchipa amaoneka bwino pa kanema wotsatsa, koma mukawatsegula mupeza kuti mkono ukukwera kwa mafulemu ochepa chabe n'kumenya. Ena ogulitsa amangozula m'magemu a anthu ena, zomwe zingakubweretsereni mlandu. Werengani laisensi, ndipo muwerenge mafulemu musanalipire. Njira yachidule ngati mwagula kale ndi kuimitsa animeshoni pamene nyundo yafika pamwamba kwa mafulemu 12 kapena 15.

Chachinayi ndi magawo, ndipo apa ndi pamene ntchito yabwino imaonongeka. Tiike gawo lachiwiri pa moyo 800, lachitatu pa 400. Chimene aliyense amathamangira ndi kukweza `speed_scale` ya AnimationPlayer kufika pa 1.5 kuti bosi aoneke wolusa. Zimatenga mphindi imodzi ndipo zimaoneka zochititsa kaso. Koma nambala imeneyo imafupikitsa zonse: kukonzekera kwa mafulemu 30 kuja kwasanduka 20, pansi pa 23 amene wosewera akufunika. Inu simuzindikira chifukwa mwamenyana ndi bosiyu kambirimbiri ndipo zala zanu zimazinda musanaone n'komwe. Chizindikiro chake mudzachiona pa oyesa gemu: gawo loyamba amadutsa osakhudzidwa, lachiwiri amafa pa kumenya kumodzimodziko, ndipo mukayang'ana zala zawo mupeza kuti akudina batani ndithu, kungoti mochedwa pang'ono ulendo uliwonse.

Kukonza kwake ndi kusiya kukonzekera momwe kunalili, n'kuumitsa zina. Dulani kupuma kwa nyundo ya pansi kuchoka pa 70 kufika pa 45, kuti wosewera amenye kawiri osati katatu. Lumikizani kumenya kwa m'mbali kuwiri motsatizana, kwachiwiriko kuli ndi chenjezo lake lathunthu. Mukhozanso kuchedwetsa m'malo mofulumizitsa, monga amachitira Margit mu Elden Ring ya 2022, amene amaimika ndodo m'mwamba mpaka wamantha atazinda msanga. Kuchedwetsako nkwachilungamo pokhapokha ngati pali kachizindikiro kachiwiri, phewa kutsika kapena phazi kuponda, kosonyeza kuti tsopano ikubweradi. Pa gawo lililonse onjezani kumenya kwatsopano kumodzi kokha, ndipo ulendo woyamba bosi akuchite pakokha, wosewera akuone bwino kusanalowe m'mndandanda wa kwina.

Vuto lina lobisala pomwepa ndi bosi wotsatira wosewera mpaka nyundo itagwa. Wosewera wazinda pa nthawi yake, koma bosi watembenuka naye ngati ali pa mpando wozungulira. Mulekeni atsatire koyambirira, kenako aume pa mafulemu 10 omaliza:

```gdscript
if windup_left > 10:
    look_at(player.global_position)
```

Apa `windup_left` ndi mafulemu otsala a kukonzekera. Werengerani mafulemuwo mu `_physics_process`, imene mu Godot imayenda ka 60 pa sekondi ngati simunasinthe, kuti chenjezo lisafupike pa kompyuta yamphamvu.

Nthawi yosinthira gawo nayo ili ndi msampha wake. Moyo ukafika pa 800 bosi ali pakati pa kumenya, amalize kaye kenako asinthe. Pa kusinthako zimitsani mabokosi onse ovulaza, malo osaoneka amene amachotsa moyo wa wosewera akawakhudza, chotsani zoponya zimene zili m'mlengalenga, mpatseni wosewera masekondi awiri opumira. Ngati bosi savulazika pa nthawiyo, zioneke, lupanga lizidumpha ndi phokoso lina. Ndipo ngati mukufuna kuphulika potsegula gawo, kukhale ndi chenjezo lotalika kuposa ena onse, poti wosewera amakhala ali pafupi akumenya.

Zotsalazo ndi zachangu. Yatsani Visible Collision Shapes pa menyu ya Debug muone ngati bokosi lovulaza silikuposa mutu wa nyundo. Musalole kumenya kumodzi kubwerezedwa katatu motsatizana. Kumenya kwachangu kuchotse moyo wochepa, kopha kamodzi kukhale kwa chenjezo lalitali. Wosewera akafa abwerere pakhomo pa bosi, ndipo kanema woyambira adumphike. Pomaliza pezani anthu asanu amene sanaionepo gemuyo, khalani chete akusewera, ndipo akafa muwafunse kuti chawapha n'chiyani. Kumenya kumene atatu mwa iwo alephera kukutchula, kuwonjezereni mafulemu 6 okonzekera muyesenso.