Mwamwa tiyi ndi buledi mamawa, 9 koloko njala yafika kale: vuto lili pati?

Dandaulo ili ndimalimva pafupifupi paliponse pomwe timakumana ndi magulu kuno ku Zomba, kaya ndi ku Chinamwali, ku Songani kapena ku Jali. Amayi amati mwana wadya bwinobwino mamawa koma isanakwane nthawi ya buleki wayamba kale kusinza m'kalasi, abambo amati ine ndikamwa tiyi ndiye njala imachita kundipweteka kuposa tsiku lomwe sindinalawe kanthu. Ena mpaka amathamangira mankhwala a njoka zam'mimba. Njoka zilipodi ndipo ana azimwa mankhwala ake, koma nthawi zambiri njala yobwera msanga chonchiyi imachokera pa mtundu wa chakudya chomwe chalowa m'mimbamo.

Tiyambe ndi chimanga poti ndi chomwe tonse tikuchidziwa. Njere ya chimanga ili ndi khungu lakunja, ili ndi kamtima komwe kamamera, kenako mbali yoyera yaikulu ija. Tikakonola, kuviika mphale m'madzi, kuyanika n'kukagayitsa, khungu ndi kamtima zija zimapita ku madeya, ife timatsala ndi mbali yoyera yokhayokha yomwe pafupifupi yonse ndi sitachi. Tirigu amene amapangira buledi woyera, masikono ndi mandasi naye amamuchita chimodzimodzi kufakitale, mpunga wopuntha mpaka kuyera mbee nawonso ndi momwemo. Ndiye sitachi ameneyu akafika m'matumbo amasanduka shuga, inde ngakhale nsima sitsekemera mkamwa koma m'thupi imakathera ku shuga, ndipo poti gaga yemwe akanachedwetsa kugayako palibe, shugayo amalowa m'magazi mwamsanga komanso wambiri nthawi imodzi.

Munthu wabwinobwino akadzuka asanadye, shuga wam'magazi mwake amakhala pakati pa 4 ndi 5.5 pa kamakina koyezera kaja ngati kakuwerenga mu mmol/L. Akadya zoyerazi shuga amakwera, ndipo amafika pamwamba pakatha mphindi 30 mpaka ola limodzi. Thupi silifuna shuga wochuluka azingoyendayenda m'magazi, ndiye limatulutsa insulini, yemwe ntchito yake ndi kulowetsa shugayo m'minofu ndi m'chiwindi. Shuga akakwera mothamanga insulini amatulukanso wambiri, ndipo pena amagwira ntchito mopitirira, moti pakatha maola awiri kapena atatu shuga uja watsika mpaka kupitirira pomwe anali munthu asanadye. Nthawi yomweyo m'mimba mulibenso kanthu chifukwa tiyi ndi buledi sizikhalitsa m'chifu. Ubongo umadalira shuga wam'magazi kwambiri ndiye ukangoona kuti akutsika umaitanitsa chakudya, ndipo sikuti umaitanitsa nyemba ayi, umafuna chotsekemera chapafupi. Zili ngati kuphikira mapesi m'malo mwa chikuni, moto umalilima kwambiri koma mphika usanawire wazima, uyenera kusonkhezeranso.

Izi si zongoganiza. Mu 2021 ofufuza a ku King's College ya ku London ndi anzawo anatulutsa zomwe anapeza atatsatira anthu oposa 1,000 ovala timakina toyeza shuga usana ndi usiku. Anthu omwe shuga wawo ankatsika kwambiri patatha maola awiri kapena atatu atadya ankamva njala msanga, ankadyanso msanga ndipo pa tsiku ankadya zambiri kuposa anzawo. Chinanso chomwe anaona n'choti anthu timasiyana, awiri akhoza kudya chakudya chofanana wina shuga n'kutsika kwambiri wina ayi, ndiye musadabwe kuti amuna anu tiyi yemweyo amawasunga mpaka masana inu 9 koloko mawondo alefuka.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mnyamata wopalasa kabaza, amanyamula anthu kuchoka ku Chinamwali kupita mtauni. 6 koloko walowa mu tiyirumu, makapu awiri a tiyi wopanda mkaka, kapu iliyonse masupuni atatu a shuga. Supuni yaing'ono imodzi ndi magalamu 4 ikakhala yosasefukira, ndiye masupuni 6 ndi magalamu 24, ndipo tonse tikudziwa kuti masupuni athu amakhala osefukira. Waonjezera masilaisi anayi a buledi woyera, omwe ali ndi sitachi wokwana magalamu 50 kapena kuposerapo pang'ono. Zonsezo zikulowa m'magazi pafupifupi nthawi imodzi, ndipo pa mbale imeneyo palibe mafuta, palibe ndiwo, zomanga thupi ndi zochepa zedi. Cham'ma 7 koloko ali ndi mphamvu, akupalasa bwino. Cham'ma 9 koloko mutu wayamba kulemera, manja akuchita ngati akunjenjemera, kathukuta kozizira, kasitomala akangomuuza kuti mtengo wakwera iye wapsa mtima. Ndiye amaima pa golosale kugula botolo la chakumwa chotsekemera, la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana masupuni pafupifupi 8, ndipo pakangotha mphindi zochepa akumva bwino, n'chifukwa chake amakhulupirira kuti botololo ndi mankhwala. Koma shuga wakweranso mothamanga, insulini watulukanso, 11 koloko njala ija yabweranso. Pofika masana wamwa masupuni 14 a shuga, pomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire masupuni pafupifupi 12 tsiku lonse, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Ndalama zomwe wapeza mmawawo zina zathera pa golosale, ndipo akafika pa nsima amadya mitanda yochuluka chifukwa wafika ali wolusa ndi njala.

Mnyamata ameneyu sindingamuuze kuti achepetse kudya, ntchito yake ndi yolemetsa ndipo akufunika chakudya chokwanira, mwinanso choposa chomwe akudyachi. Chofunika kusintha ndi mtundu wake. Tiyi amwe ndithu koma supuni imodzi kapena imodzi ndi theka pa kapu, ndipo asadule tsiku limodzi chifukwa lilime limakana, achotse theka la supuni sabata iliyonse mpaka azolowere. M'malo mwa buledi yekha adye mbatata yophika ziwiri zapakatikati ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja, kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro masupuni aakulu awiri, lolimbirako osati lamadzimadzi lomwa ndi kapu. Ngati pali soya, kugayitsa makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga kumapereka ufa wa phala wabwino kwambiri, wa ana ndi akulu omwe. Tsiku lomwe palibiretu china koma buledi, asadye yekha, apake chiponde, kapena peyala nyengo yake, kapena dzira lophika limodzi. Mafuta ndi zomanga thupi zimachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu ndiye shuga amalowa pang'onopang'ono, insulini satuluka wambiri, ndipo kutsika kwa 9 koloko kuja kumachepa. M'thumba asungemo mtedza wina ndi nthochi kapena gwafa, cham'ma 10 koloko adye zimenezo ndi madzi, botolo lija alisiye.

Apa ndinene zoona zake za mgaiwa chifukwa ena amamva ngati ndi mankhwala. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, uli ndi gaga, uli ndi mafuta a kamtima kaja, umakhalitsa m'mimba. Koma ndi chimanga chogaya ndithu, mukadya mitanda inayi ndi kandiwo kongonyambita shuga akwerabe kwambiri. Chomwe chimasintha zinthu kwambiri ndi ndiwo. Kuno tili ndi nandolo, khobwe, nyemba, matemba a ku Chilwa, usipa, chisoso, bonongwe, nkhwani wotendera, ndiye mbale ya ndiwo ikhale yaikulu ndithu, masamba ndi nyemba zikhale zoti mukudya osati zongopaka pa mbamu. Zakudya za gulu la nyemba zimakweza shuga pang'onopang'ono kwambiri kuposa chimanga, mpunga kapena chinangwa. Ngati kunyumba akukana mgaiwa ati ndi wakuda, yambani ndi kusakaniza theka ndi theka, ndipo gayitsani wochepa woti uthe msanga poti mafuta aja amapangitsa kuti usachedwe kununkha. Chimanga chake chikhale chouma bwino ndipo musankhe, chowola ndi chachuku chitayidwe, chifukwa pa mgaiwa palibe kukonola komwe kukanachotsako zoipa zina.

Mungadziwe bwanji kuti njala yanu ndi imeneyi? Imabwera mwadzidzidzi patatha maola awiri kapena atatu mutadya zoyera kapena zotsekemera, imabwera ndi kufooka, tulo, kunjenjemera kapena kupsa mtima, ndipo imafuna shuga. Njala yeniyeni imabwera pang'onopang'ono patatha maola anayi kapena asanu ndipo chilichonse chomwe chilipo mumachilandira. Yeserani nokha sabata imodzi, masiku atatu idyani monga mwa nthawi zonse n'kulemba nthawi yomwe njala yayamba, masiku otsatirawo idyani phala la nsinjiro kapena mbatata ndi mtedza n'kulembanso. Ngati nthawi yasuntha ndi ola limodzi kapena awiri mwapeza pomwe pali vuto. Ngati siinasunthe, onani kuchuluka kwa chakudyacho, mwina n'chochepa chabe poyerekeza ndi ntchito yomwe mukugwira, onaninso tulo chifukwa munthu wosagona mokwanira amamva njala kwambiri tsiku lotsatira.

Koma pali anthu awiri omwe malangizowa asawatenge mwachisawawa. Woyamba ndi amene akudya kwambiri koma akuonda, ludzu silikutha, usiku akudzuka kangapo kukataya madzi, zilonda sizikupola, maso akuchita chidima. Ameneyo asalimbane ndi kusintha phala, apite kuchipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha Zomba akayezetse shuga, apite mmawa asanadye kanthu. Kamakina kakaonetsa 7 kapena kuposa, kapena 126 ngati kakuwerenga mu mg/dL, achipatala adzayezanso kuti atsimikize ngati ndi matenda a shuga.

Wachiwiri ndi amene ali kale pa mankhwala a shuga, makamaka obaya insulini kapena akumwa mapilitsi a gilibenkilamaidi. Kwa iyeyu kunjenjemera, thukuta ndi kusokonezeka mutu ndi ngozi yeniyeni, shuga akatsika pansi pa 4 akhoza kukomoka. Iye ndiye amwe shuga pompopompo, masupuni aang'ono anayi m'madzi kapena theka la botolo la chakumwa chotsekemera, adikire mphindi 15, ngati sizikusintha abwerezenso, kenako adye chakudya chenicheni. Akakomoka musamuthire madzi kapena chakudya mkamwa, angatsamwe, mugonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Ndipo akafuna kuchepetsa nsima kapena kusintha kadyedwe ayambe wauza achipatala omwe amamupatsa mankhwala, kuti aone ngati mlingo wa mankhwalawo ukufunika kusinthanso.