Amalume amasuta koma amathyola tiyi bwinobwino: bwanji mwana wa Fomu 3 akuiwalaiwala?

Funso limeneli limabwera kawirikawiri tikakhala pansi ndi makolo kuno ku Mulanje, ndipo anyamata nawo amalidziwa, chifukwa ndi limene amadzitchinjirizira nalo. Amati amalume akhala akusuta fodya wamkulu zaka zambirimbiri, komabe m'mawa amalawirira ku esiteti, madzulo sikelo imawerenga makilogalamu awo ngati a wina aliyense. Nanga mnyamata akasuta chalakwika n'chiyani? Mnyamatayo sakunama pa zimene akuona. Kungoti ubongo wake ndi wa amalumewo sizili pa msinkhu umodzi, komanso ntchito imene aliyense akuupatsa ubongo wake ndi yosiyana.

Tiyambe ndi chimene chili mu utsimo. Chimene chimaledzeretsa m'chamba ndi mankhwala otchedwa THC, amene akatswiri a ku Israel motsogozedwa ndi Raphael Mechoulam anawapatula mu 1964. Mu 1992 gulu lomwelo linapeza kuti thupi lathu limapanga lokha mankhwala ofananako, anandamaidi, amene amagwira malo omwewo mu ubongo amene THC amagwira. Athupiwa amatuluka pang'onopang'ono, pamalo pamene akufunika, ndipo akagwira ntchito amatha msanga. THC sachita choncho. Amafika wambiri nthawi imodzi, nagwira paliponse, nakhalitsa. Malo amene amagwirawo ndi ochuluka kwambiri m'zigawo ziwiri zimene zikutikhudza lero: hipokampasi, kachigawo kamene kamalemba zinthu zatsopano kuti tidzazikumbukire, ndi ubongo wakutsogolo, kuseri kwa chipumi, umene umapanga mapulani, kudikira ndi kudziletsa.

Ubongo wakutsogolowu ndi womalizira kukhwima. Umamaliza munthu akamayandikira zaka 25. Pa zaka za kusekondale umakhala ukudulira timitsempha timene sitikugwira ntchito ndi kulimbitsa timene tikugwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Amene analimapo tiyi akudziwa kuti chitsamba chaching'ono chimaumbidwa m'zaka zoyamba, ndipo mmene mwachidulira nthawi imeneyo ndi mmene pamwamba pake pothyolapo masamba padzakhalire. Chitsamba chachikulire chikavulala pang'ono chimaphukanso pa nthambi zimene zinakhazikika kale. Mankhwala athupi aja ali m'gulu la zimene zimatsogolera kudulirako. Choncho wamkulu akasuta amasokoneza ubongo womangidwa kale, pamene mwana wa zaka 15 akusokoneza ubongo umene ukumangidwa.

Tsopano tiyerekeze mnyamata wa zaka 16, wa Fomu 3 pa sukulu yoyendera, amene akaweruka amadzera pamsika, nasuta ndi anzake cha m'ma 4 koloko madzulo. Kuledzerako kumatha pakapita maora awiri kapena atatu, ndiye pofika nthawi ya nsima amaoneka wabwinobwino. Akatero amatenga kope la bayoloje, nawerenga ora lathunthu. Mayi ake amamuona ndi maso awo akuwerenga, ndipo iye mwini amamva ngati zikulowa. Vuto lili apa: chamba sichifufuta kwenikweni zimene munthu anadziwa kale, chimafooketsa kulemba zatsopano. Dzina la agogo ake, njira ya ku Chitakale, nyimbo za ku Sande sukulu, zonsezo zilipo. Koma tsamba limene wawerenga usikuwo silinakhazikike, ndipo pakatha masiku atatu aphunzitsi akafunsa amangoti kakasi. Kufooka kumeneku kwa munthu wosuta kawirikawiri sikutha pamodzi ndi kuledzera. Kumatha kutsalira tsiku lotsatira ngakhale masiku angapo. Ngati akusuta tsiku lililonse, ndiye kuti palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene akulowa m'kalasi ndi mutu woyera. Teremu yonse imapita choncho.

Amalume aja kuthyola tiyi anaphunzira kalekale. Manja amadziwa okha masamba awiri ndi kansonga, safunika kulemba chatsopano m'mutu kuti dengu lidzaze. Nawonso chamba chikuwafooketsa kukumbukira, koma ntchito yawo siyiulula zimenezo. Muwapatse nambala ya foni yatsopano kapena malangizo a kamwedwe ka mankhwala, mudzaona. Mwana wa sukulu ntchito yake yonse ndi zatsopano zokhazokha, ndipo masamu a Fomu 4 amakhala pamwamba pa a Fomu 3. Ngakhale ubongo utachira bwinobwino pambuyo pake, maphunziro amene sanalowe aja sabwera okha, ndipo MANEB siyidikira munthu.

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi wa ku Dunedin, m'dziko la New Zealand. Kumeneko anatsatira anthu 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973, nawayesa nzeru ali ndi zaka 13, asanayambe kusuta, ndi kuwayesanso ali ndi zaka 38. Zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Amene anayamba asanakwanitse zaka 18 n'kupitiriza kusuta kwambiri kwa zaka zambiri anatsika ndi mapointi pafupifupi 8 pa mayeso a nzeruwo, ndipo ngakhale amene anadzasiya sanabwererenso pamene anali. Amene anayamba atakula sanatsike motero. Koma ndikuchenjezeni, musatenge nambala imeneyi n'kumakaopseza nayo mwana aliyense amene analawako kamodzi. Otsika kwambiriwo anali ochepa, osuta mosalekeza. Komanso kafukufuku wa ana amapasa ku America, amene anatuluka mu 2016, anapeza kuti wosuta sanatsike kuposa mnzake wosasuta wa m'nyumba yomweyo, kusonyeza kuti zina mwa zimene timaloza nazo chamba zimachokera ku mavuto a pakhomo amene anamukankhira mwanayo ku chambacho. Chimene ine ndimatengapo n'chakuti zinthu ziwiri ndi zimene zimalemera: msinkhu woyambira, ndi kuchuluka kwa masiku osuta pa sabata.

Nkhani ya ulesi ndi yovutirapo. Makolo amati mwana wangokhala lobodo, mpira anasiya, kumunda mpaka mukalipe. Mu ubongo muli mankhwala otchedwa dopamini amene amamudzutsa munthu kuti atsatire chinthu chimene akuyembekeza kuti chimupindulira. Pa unyamata mbali imeneyi imakhala yamphamvu kale, pamene ya kudziletsa ija ikadali yosakhwima. Chamba chimapereka chisangalalo pompopompo popanda thukuta, ndipo kwa osuta kwambiri kwapezeka kuti ubongo umapanga dopamini wocheperapo. Zikatero zinthu za phindu lakutali, monga satifiketi imene idzabwere patatha zaka ziwiri, zimazirala. Wamkulu ali ndi zomukoka zimene sizidalira kufuna kwake: kapitawo akuyembekeza, ana akufuna ufa, ngongole ya kubanki m'khonde yakwana. Mwana wa sukulu alibe wina womulemba jomba n'kumudula malipiro. Komabe musafulumire kunena kuti ulesi wonse ndi chamba. Ana ambiri amayamba ndi kutaya mtima, mwina chifukwa cha fizi, maliro kapena kulephera mayeso, chamba n'kubwera pambuyo.

Pa kuzolowera, mwa anthu 10 amene amasuta, pafupifupi mmodzi amafika posatha kukhala osasuta. Kwa oyamba ali achinyamata ndi mmodzi mwa 6.

Nanga mungadziwe bwanji kuti chamba ndicho chikumubweza mwana wanu? Njira imene ndimalangiza ndi ya mwezi umodzi wosasuta, mogwirizana naye, osati momuwopseza ndi apolisi. Mwezi si nambala yongotola. Mwa akuluakulu osuta tsiku lililonse, malo aja amene THC amagwira amachepa mu ubongo, koma amabwerera pafupifupi mwakale pakatha milungu inayi osasuta. Ndipo pa kafukufuku wa mu 2018 ku Boston, m'dziko la America, achinyamata a zaka 16 mpaka 25 amene anasiya kwa mwezi anayamba kukumbukira bwino mawu atsopano sabata yoyamba yomwe.

Sabata yoyambayo ndi imene imagwetsa mabanja ambiri, chifukwa mwana amaoneka ngati waipiraipira. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri amayamba kupsa mtima pa zazing'ono, tulo timasowa, nsima saifuna, ndipo akagona amalota maloto oopsa. Zimafika pachimake m'masiku 6 oyamba, kenako zimazizira, ndipo zambiri zimatha pakatha milungu iwiri, ngakhale tulo timachedwerapo kukhazikika. Ena akaona zimenezi amati mwana walodzedwa, ena amati bola azisuta pang'ono kuti m'nyumba mukhale mtendere. Zonsezi n'kulakwitsa. Muuzeni zisanachitike kuti zidzachitika ndiponso kuti zidzatha. Ola loopsa ndi lija la 4 koloko, choncho mulidzazitse ndi chinachake chokhala ndi munthu womuyembekeza, kaya ndi mpira, kwaya, kapena kukathirira kudimba ndi bambo ake. Ndalama ya m'thumba ya mwezi umenewo isanduke chakudya chonyamula. Ngati amalume osutawo amakhala pakhomo pomwepo, akuluakulu akambirane nawo mwaulemu kuti asamasutire pamaso pa mphwawo, asamamutumenso kukagula.

Kuti musamangodalira maso, Loweruka lililonse muwerengereni mayina 10 a zinthu wamba, monga khasu, mchere, sopo ndi zina, mumusiye agwire ntchito ina kwa mphindi 20, kenako atchule zimene akukumbuka. Sabata iliyonse musinthe mayinawo ndipo muzilemba zimene wapeza. Awa si mayeso a kuchipatala, koma mnyamata amene amakana kuti palibe chimene chasintha akaona yekha kuti wachoka pa 4 kufika pa 7, amamva kuposa mmene angamvere ulaliki wanu. Mufunsenso aphunzitsi a kalasi yake ngati akumaliza ntchito imene apatsidwa.

Mwezi ukatha osasuta koma kuiwala ndi kufooka kuli pomwepo, pitani naye kuchipatala akamuyeze magazi, likodzo ndi malungo, ndipo mukanene ngati amamwanso kachasu kapena amakhala wokhumudwa nthawi zonse. Musabise za chambacho poopa lamulo. N'zoona kuti lamulo la mu 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso okha, ndipo kusuta n'koletsedwabe, koma dokotala akufuna mbiri yonse kuti athandize bwino. Pali zizindikiro zina zimene simuyenera kudikira nazo mwezi: akayamba kumva mawu amene ena sakumva, kukayikira kuti mwamuthirira mankhwala m'chakudya, kuyankhula zosagwirizana, kukhala masiku osagona, kapena kunena zodzipha. Zikatero mupite naye tsiku lomwelo ku chipatala chachikulu cha boma, cha Mulanje kapena cha Thyolo, komwe angamuthandize kapena kumutumiza ku Zomba Mental ngati pakufunika kutero. Fulumirani makamaka ngati kubanja kwanu kunakhalapo wina wodwala matenda a maganizo, chifukwa mwana wotereyo chamba chimamuvulaza msanga kuposa anzake amene akusuta nawo ndudu imodzi.