Momwe mungamwere tiyi osawotcha kummero

Pitani ku depoti ya mabasi m'tauni muno m'mawa wa mwezi wa Juni. Mupeza anthu ataunjikana pa benchi, aliyense kapu m'manja, nthunzi ili tolotolo. Mayi wogulitsa akapungula tiyi m'ketulo yomwe yakhala pa mbaula, wakabaza amauzira kawiri n'kuyamba kumwa, chifukwa makasitomala sadikira. Wina akapatsidwa wofunda amabweza: "Mayi, uyu ndi tiyi kapena madzi osamba?"

Chizolowezi chimenechi ndi chomwe madokotala akuda nacho nkhawa. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe khansa ya kummero, ya m'njira yomwe chakudya chimadutsa popita m'mimba, ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Masamba a tiyi alibe mlandu. Mu 2016 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linanena kuti chakumwa chilichonse chomwedwa chili chotentha kuposa madigiri 65 chikuoneka kuti chingayambitse khansayi. Kaya ndi tiyi, khofi kapena madzi chabe, chovuta ndi moto wake.

Mkati mwa mmero muli kakhungu kopyapyala konga ka m'kati mwa tsaya. Tiyi wowira akadutsa, kakhunguko kamapsa pang'ono, thupi n'kukakonza. Kupsa kamodzi si kanthu. Koma kukamachitika m'mawa uliwonse kwa zaka 20 kapena 30, malowo amakhala otupa nthawi zonse, ndipo maselo amagawikana mobwerezabwereza pofuna kutseka bala. Pogawikana pafupipafupi m'pamene ena amalakwika n'kuyamba kukula mosalamulirika. Komanso khungu lopsa limalowetsa mosavuta poizoni wa mu fodya, kachasu ndi utsi wa nkhuni. N'chifukwa chake kafukufuku wamkulu wa ku China wa 2018 anapeza kuti chiopsezo chimakwera kwambiri mwa omwa tiyi wowotcha amenenso amasuta kapena kumwa mowa tsiku lililonse.

Nazi njira zomwe mungatsate pakhomo kapena ku tiyirumu.

1. Khulupirirani wotchi, osati lilime

Lilime limazolowera. Munthu amene wamwa tiyi wowira kuyambira ali mwana saonanso kuti akupsa, ndipo mmero sumva kutentha bwino ngati mlomo. Mukameza msanga, ululu umathera m'kamwa koma kupsa kumapitirira kunsi.

Choncho werengani mphindi, kuyambira pomwe tiyi walowa m'kapu, osati pomwe mwaphula ketulo. Ku Lilongwe madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97, chifukwa tili pamalo okwera, ndiye ulendo wofika pansi pa 65 ndi wautali ndithu. Ku Golestan, chigawo cha dziko la Iran komwe khansayi ndi yofala, ofufuza anapeza mu 2009 kuti omwa tiyi pasanathe mphindi 2 chimuthirireni anali pa chiopsezo chochuluka pafupifupi kasanu kuyerekeza ndi odikira mphindi 4 kapena kuposerapo.

Koma musathamangire mphindi 4 zimenezo. Kumeneko amamwa tiyi wakuda. Wathu nthawi zambiri ndi wa mkaka wowiritsira pamodzi, m'chikapu chachikulu, ndipo ku Tanzania anayeza n'kupeza kuti tiyi wa mkaka amachedwa kuzizira kuposa wakuda. Ine ndimati mphindi 4 ndi poyambira chabe. Kapu ikakhala yaikulu ndi yodzaza, onjezerani. Yambani mwadya mbatata kapena sikono yanu.

2. Fulumizitsani kupola ngati nthawi palibe

Wakabaza uja sangakhale pa benchi mphindi 10, ndipo kumuuza kuti adikire n'kutaya mawu. Chothandiza ndi kupungulira tiyi m'kapu ina, n'kumubwezera, kangapo konse, monga amachitira mayi pokonzera mwana. Kutsanulira m'sosa kapena m'mbale yotakata kumagwiranso ntchito, popeza tiyi akayala amataya nthunzi msanga. Kuuzira kumangoziziritsa pamwamba pokha, pansi pali moto.

Ambiri amadalira mkaka wozizira, ndiye tiyeni tiwerengere. Tinene kuti m'kapu muli mamililita 250 a tiyi wa madigiri 80, ndipo mwathiramo mamililita 50 a mkaka wa madigiri 20. Zikasakanikirana mupeza madigiri pafupifupi 70. Watsika ndi 10, koma akadali pamwamba pa 65, choncho kudikira kukufunikabe. Mkaka wa ufa sutsitsa kutentha kwenikweni. Ndipo wozizirayo akhale wa m'paketi kapena wowiritsidwa kale, osati wongokama kumene.

Samalaninso ndi fulasiki. Ntchito yake ndi kusunga moto, ndiye tiyi wa mu ofesi wothiridwa m'mawa angathe kuwotcha ngakhale nthawi ya 10 koloko. Muwerengereni mphindi ngati wochokera pa mbaula.

3. Yesani ndi mlomo musanameze

Ochepa ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kukhitchini. Mphindi zodikira zija zikakwana, ikani mlomo wa pamwamba pa tiyi. Ngati mukuubweza msanga, kapena simungamwe popanda kukoka mpweya uku mukuchita phokoso, sanapole. Ngati mungamusunge m'kamwa masekondi angapo osafuna kumeza mothawa, wafika.

4. Mwani pang'onopang'ono

Kumeza wambiri nthawi imodzi kumafikitsa moto wonse kummero, pamene wochepa amayamba wazizira m'kamwa. Kuchuluka kwa makapu nakonso kumawerengedwa. Ku Golestan komweko anatsatira anthu oposa 50,000 kwa zaka pafupifupi 10, ndipo mu 2019 anapeza kuti omwa mamililita 700 kapena kuposa pa tsiku, tiyi ali pa madigiri 60 kupita m'mwamba, anali pa chiopsezo chokwera ndi pafupifupi 90 peresenti. Makapu atatu a mamililita 300 ndi 900 kale. Mlonda wa usiku amene amagona ndi fulasiki amadutsa pamenepo kusanache.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense womwa tiyi wotentha adzadwala. Ambiri sadzadwala. Ziwerengerozi zikuyerekeza magulu a anthu, ndipo fodya ndi mowa zimakhalabe zoopsa pazokha.

5. Phala nalo lilipo

Kafukufuku wochitika kuno ku Malawi ndi ku Tanzania anaona za zakudya ndi zakumwa zotentha pamodzi, ndipo chiopsezo chinali chokwera mwa omwe amadya kapena kumwa zili moto, mofulumira, komanso omwe amapsa m'kamwa kawirikawiri. Phala limapusitsa: pamwamba lachita kakhungu kozizira, pakati likadali lowira. Litakaseni, muziyamba cha m'mbali mwa mbale. Ngati mwezi uno mwapsa lilime kangapo, ndiye kuti mumafulumira.

6. Dziwani pomwe kupoza tiyi sikukwaniranso

Khansa ya kummero imayamba mwakachetechete. Chizindikiro chodziwika ndi chakudya kukakamira pomeza. Poyamba ndi nyama kapena nsima yolimba, munthu n'kumakankhira ndi madzi. Kenako amasiya nsima n'kumangomwa phala, pambuyo pake ngakhale madzi amabwerera, thupi likutha. Ambiri amafika kuchipatala pa siteji yomalizayi, atatha miyezi akumwa mankhwala a zilonda za m'mimba.

Musadikire kufika pa phala. Ngati chakudya chikukakamira mobwerezabwereza, kapena mukuonda popanda chifukwa, pitani kuchipatala cha kwanuko ndipo munene momveka kuti mukuvutika kumeza, osangoti m'mimba mukuwawa. Funsani ngati angakutumizeni ku Kamuzu Central, komwe amaunika kummero ndi kachubu kokhala ndi kamera n'kutengako kanyama kokayeza.